Mzere wa mabiti 16 umene unandisautsa masabata atatu

Lachinayi lapitali, pa maphunziro a kwaya, ndinatha kuimba mzere womaliza wa nyimbo imene tikukonzekera mpaka noti yake yotsiriza popanda kuba mpweya pakati, ndipo akwayamasitala, amene anatopa kundiyang'ana ndi diso lodandaula, sananene kanthu. Kwa amene amawadziwa, kukhala chete kwawoko ndiko kuyamikira.

Mzerewo uli ndi mabiti 16, ndipo timauimba pa liwiro la mabiti 60 pa mphindi imodzi, kutanthauza masekondi 16 a mpweya umodzi. Mabiti anayi omaliza ndi noti imodzi yokoka, pa "a" wotseguka, pamene ife a tenala timakhala pa "mi" kudikira kuti a sopulano atsike. Ine mpweya unkandithera pa biti ya 11 kapena 12. Mawu ankayamba kunjenjemera, kenaka noti inkagwa pang'ono, khosi n'kuuma, ndipo ndinkamaliza ndi milomo yokha anzanga akuimba.

Poyamba ndinaganiza kuti mapapo anga ndi aang'ono, choncho kwa sabata yathunthu ndinkakoka mpweya wochuluka kwambiri ndisanayambe mzerewo, mpaka mapewa kufika m'makutu. Zinthu zinaipiraipira. Mpweya wodzaza mopitirira muyezo umakankha kuti utuluke msanga, ndipo munthu amayamba kuutsekereza ndi kholingo, limene ntchito yake pa nthawiyo iyenera kukhala kupanga mawu basi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nditasiya kuimba pa biti ya 12 ndinkatha kutulutsabe mpweya wambiri ndithu. Kubanika kumene ndinkamva sikunali kutha kwa mpweya kokha, koma khosi lotopa ndi chifuwa chimene chinali chitagwa kale.

Ndinazindikira zimenezi ndi chitenje cha mayi akunyumba. Ndinachipinda n'kuchikulunga m'munsi mwa nthiti, pamwamba pa mchombo, nsonga zake nditazipingasa kutsogolo ndi kuzigwira m'manja osamanga mfundo. Pokoka mpweya chitenjecho chinkatanuka pang'ono, monga ziyenera kukhalira pamene mnofu waukulu wa pansi pa mapapo, dayafulamu, watsika ndipo nthiti za m'munsi zatambasukira m'mbali ndi kumsana. Koma nditangoyamba kuimba, chitenje chinkakhwefuka pofika biti yachinayi. Nthiti zinkagwa nthawi imodzi, ndipo mpweya wambiri unkapita pa kota yoyamba ya mzere. Ambiri timauzana kuti "imba ndi dayafulamu", koma mnofu umenewu umagwira ntchito pokoka mpweya, ndipo potulutsa umangomasuka n'kukwera. Chimene woimba angathe kuchita ndi kuchedwetsa kukwerako, posunga nthiti zili zotambasuka pamene minofu ya pamimba ikulowa pang'onopang'ono. Aphunzitsi a kuimba a ku Italy amatcha kulimbana kofatsa kumeneku apojo, kutanthauza kutsamira.

Chitenje choterera sichithandiza pa ntchito imeneyi chifukwa chimapulumuka pa malaya. Cha thonje chokhuthala, ngati zimene ndimagulira mayi mumsika wa Limbe, chimagwira bwino, ngakhale kuti tsopano ndiyenera kugula changa popeza eni ake ayamba kufunsa kuti kodi chitenje chawo chinalowa liti kwaya.

Vuto lachiwiri ndinalipeza ndi wotchi ya pafoni. Ndinakoka mpweya wabwinobwino n'kutulutsa "sss" mofanana mpaka kutha, ndipo ndinafika masekondi 28. Kenaka ndinachita chimodzimodzi ndi "zzz", pamene timinofu ta mawu ta m'kholingo timakhala tikugwira ntchito, ndipo ndinathera pa 17. Kwa munthu amene timinofu take tikutsekeka bwino, manambala awiriwa amayandikana. Pogawa 28 ndi 17 timapeza pafupifupi 1.6, pamene akatswiri a mawu amayamba kukayikira nambalayi ikapitirira 1.4. Mwa ine chinali chizolowezi chabe: pofuna kuti mawu anga asaposere anzanga, ndinkaimba monong'ona, mpweya ukudutsa osasanduka mawu. Koma amene kusiyana kotereku kukupita limodzi ndi mawu osasa kwa masabata angapo ayenera kukaonana ndi dokotala wa khosi, chifukwa tizotupa ta pa timinofuti timachititsanso zomwezo.

Chichewa chathu nacho chili ndi misampha yake. Zilembo za "ph", "th" ndi "kh" zimatulutsa kamphepo nthawi iliyonse, ndipo mzere wathu uli nazo zisanu mkati mwa mabiti 8 oyambirira. Ikani chikhatho patsogolo pa pakamwa, munene "pala" kenaka "phala", mudzamva kusiyana kwake. Ine ndinkazikokomeza pofuna kuti mawu amveke kumbuyo kwa tchalitchi, osadziwa kuti ndikuwononga mpweya wa kumapeto. Ndaphunzira kuzitchula mwachidule, kamphepoko kamveke koma ndifike msanga pa vawelo. Popeza mawu athu onse amathera pa vawelo, noti yomaliza siikhala ndi pobisala, ndipo ikagwa aliyense amamva.

Za kaimidwe ndinazichedwera, ngakhale kuti ndizo zinasintha zinthu mofulumira kuposa zonse. Mnzanga wa besi anandijambula ndi foni kuchokera m'mbali, ndipo ndinadziona ndekha: pepala la solofa lili pamimba, mutu wawerama, chifuwa chalowa mkati, mawondo atauma ngati msilikali pa pelete. Noti ikakwera ndinkakweza chibwano. Munthu woima chonchi nthiti zake zagwa kale asanayambe n'kuimba komwe. Tsopano ndimakweza manja onse m'mwamba, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono m'mbali ndikusiya chifuwa pamene chafika, mapewa okha ndiwo amatsika. Mapazi ndimawatalikitsa molingana ndi chiuno, mawondo osawaumitsa, ndipo pepala ndimaligwira pa msinkhu wa chifuwa kuti maso okha ndiwo azitsika. Tikamaphunzira titakhala pa benchi ndimakhala kutsogolo kwake, mapazi onse ali pansi, osatsamira.

M'mawa uliwonse ndimachita mphindi 10 zokha. Ndimayamba ndi "sss" kanayi, chitenje chili m'nthiti, cholinga chili chakuti chisakhwefuke mpaka theka la nthawi litadutsa. Kenaka ndimaimba mzere wovutawo kudzera m'kapaipi komwera zakumwa, nsonga yake ili masentimita awiri m'kapu ya madzi. Thovu likayamba mwamphamvu n'kufooka kumapeto, ndimadziwa kuti ndataya mpweya koyambirira. Pomaliza ndimauimba ndi mawu ake, poyamba pa liwiro la 72, pamene umatenga masekondi 13 okha, kenaka 66, kenaka 60. Dzulo "sss" anafika 30 ndipo "zzz" anafika 26. Mapapo sanakule, pakuti 28 ndi 30 n'pafupifupi chimodzimodzi, ndipo ndikakumbukira kuti chaka chatha ndinkathamanga m'bandakucha miyezi iwiri pofuna kuwakulitsa, ndimangodziseka.

Sizinathe zonse. Pa vesi lachitatu, pamene mpata wopumira usanayambe mzerewo ndi theka la biti lokha, mapewa amakwerabe, ndipo Lachinayi lomwelo ndinabako mpweya pamenepo mosinthana ndi mnzanga wa kumanja kuti pasamveke mpata. Ndikuganiza kuti yankho lili pa kumasula mimba msanga noti yapitayo ikangotha, kuti mpweya ugwere mkati wokha, koma thupi silinamvebe. Mwezi wamawa ndikufuna kuyesa mzerewo pa liwiro la 52, ndipo ngati akwayamasitala angalole, a tenala tonse asanu ndi mmodzi tidzabwere ndi zitenje ku maphunziro, ngakhale kuti awiri akana kale.