Chigoli changa cha ku sukulu ya Chisomo

Poti anzanga a ku Mbare ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi mothira mchere, lekani ndiinene ndekha. Inde, ndinavula malaya. Inde, ndinagwada. Koma amene akuti ndinalira akunama, linali thukuta.

Wolakwa woyamba ndi Chisomo, mwana wa mlongo wanga, amene amasewera hoke pa sukulu ina kuno ku Harare. Tsiku la masewera a makolo ndi ana, timu ya makolo inaperewera munthu mmodzi. Iye akuti, "Malume, si paja mumati munali difenda woopsa? Nkhani yake ndi yomweyo. Anthu 11 uku, 11 uko, golo uku, golo uko." Ine, munthu amene ndakulira kuonera mpira wa miyendo wa Dynamos pa bwalo la Rufaro, ndinangoti bweretsa ndodoyo.

Ine ndine wamanzere, ndiye ndinapempha ndodo ya amanzere. Ana anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ndodo yotero kulibe padziko lonse. Ndodo ya hoke ili ndi mbali imodzi yafulati, inayo ndi yozungulira ngati msana wa mthiko, ndipo mpira umaloledwa kuugunda ndi yafulatiyo basi. Mpira ukabwera cha kumanzere kwako, suuthira ndi kumsana kwa ndodo ayi, umapotoza mkono kuti ndodo itembenuke, kamlomo kake kayang'ane pansi. Ana amachita zimenezi akuthamanga. Ine nditayesa, dzanja linalira ngati chitseko cha kombi. Mphindi zisanu zoyamba woyimbira anandiimbira wezulo katatu, mlandu wake umodzimodzi, wogunda ndi kumsana.

Kenako mwayi unandipeza. Ndili cha pakati pa bwalo, kampira kanagubuduka kudzaima patsogolo panga, kumanja kwenikweni, ndodo ili kale mbali yoyenera mwangozi. Kampirako musakaderere, ndi kolimba ngati mwala wa mumtsinje, kolemera magalamu pafupifupi 160. Ndinakang'amba. Abale, moyo wanga wonse sindinamenyepo chinthu bwino chonchija. Kanadutsa pakati pa ana anayi osakhudza aliyense, kakulunjika pa golo. Goloboyi, atavala zotchinga thupi lonse ngati akukafula njuchi, anakayang'ana kakubwera, kenako anangosuntha mwendo mwaulemu ngati akupatsa njira apongozi. Thabwa la kumbuyo kwa golo linalira kuti pho!

Ndinaponya ndodo kumwamba. Ndinathamanga manja ali tambalale ngati ndege ikutera. Ndinafika kukona, kuvula malaya, kuwazunguza pamutu, mimba yonse ili pamtunda pamaso pa aphunzitsi aakulu. Ndinagwada, kuloza kumwamba, kuloza kumene kunakhala mlongo wanga, kenako kuvina pang'ono kamanganje, phazi ili, phazi ilo. Ndinali kudikira kuti anzanga abwere adzandigwere pamsana monga zimakhalira. Palibe anabwera. Ndinawonjezera kuvinako poganiza kuti mwina akuchedwa ndi ukalamba. Nditatembenuka ndinapeza masewera akupitirira, ana atayambira mpira cha kugolo kwawo, ndipo afika kale pakati pa bwalo, pamalo pamene ine ndinayenera kukhala. Mlongo wanga anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

Woyimbira, mayi wina wodekha, anandiyandikira n'kunena kuti, "Bambo, valani malaya. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha wosewera wa timu yomwetsayo akakhudza mpira ali nawo mkati mwa mzere uwo." Analoza mzere wokhota umene uli kutsogolo kwa golo, wooneka ngati chilembo cha D, mamita 14.63 kuchokera pa golo. Ine ndinkauona, koma ndinkangoti ndi bokosi la penate limene wojambula anali ataledzera. Ukamenyera kunja kwake, kaya mpira ung'ambe ukonde, palibe chako, eni golo amangoyambira. Ndiye goloboyi uja sanaphonye ayi. Anadziwa kuti akaugunda n'kuubwezera m'bwalo angapatse mwayi anzanga amene anali mkati mwa D, ndiye anangousiya udutse. Mwana wa zaka 14 anandichenjerera osatuluka ndi thukuta lomwe.

Pano ndidziteteze pang'ono. Ku mpira wa miyendo, chigoli cha pakati pa bwalo amachikamba zaka khumi. Palibe anandiuza. Komanso nditaona kamtsikana kena kataima kokhakokha pafupi ndi goloboyi wathu, ndinakweza dzanja kukuwa ofusayidi, monga difenda aliyense wolongosoka. Ku hoke ofusayidi anaithetsa kalekale. Kamtsikanako kanalandira mpira dzanja langa lidakali m'mwamba. Ndinathamangira, ndipo mpira utabwera cha kwa ine, thupi linachita zimene lakhala likuchita zaka makumi atatu. Ndinautchinga ndi phazi, mwaukhondo, mwaluso. Wezulo. Phazi ku hoke lili ngati dzanja ku mpira wathu, ndi goloboyi yekha amene amaloledwa kukankha ndi mwendo. Poti ndinali mkati mwa D yathu, chilango chake chinali shoti kona. Mayi uja anati ndithokoze kuti mpirawo sunali kulowa, chifukwa ikanakhala penate yeniyeni.

Nditamva kuti kona, ndinakaima pakati pa D kufunafuna munthu woti ndimumake pamutu. Anandikoka malaya. Pa shoti kona otchinga amatsala asanu okha, kuphatikizapo goloboyi, ndipo onse amaima kuseri kwa mzere wa golo. Ena onse amapita kuseri kwa mzere wa pakati pa bwalo. Omwetsa amandanda kunja kwa D, mmodzi yekha amaima ndi mpira pa mzere wakumbuyo, mamita osachepera 10 kuchokera pa mtengo wa golo. Iyeyo akaukankha, mpirawo uyenera kutuluka kaye mu D, komwe kawirikawiri wina amauimitsa, ndiye aulowetsenso n'kumenya. Otchinganu ntchito yanu ndi kuthamangira munthu amene akufuna kukuomberani mwala. N'chifukwa chake anandipatsa chophimba kumaso, chonunkha thukuta la makolo onse amene anachivalapo.

Anandisankha kukhala wothamanga woyamba, ati poti ndaonetsa kale liwiro povina. Ndinanyamuka ngati ndaona apolisi a kanselo. Wezulo. Ndinali nditatuluka mpira usanakankhidwe, ndipo chilango chake n'chakuti wotulukayo amapita pakati pa bwalo, osalowedwa m'malo. Ndinayenda ulendo wonsewo chophimba chili kumaso, anzanga atatsala anayi, akundiyang'ana ngati ndadya ndiwo za alendo.

Ndili pakatipo ndinaona Chisomo akuumenya mpira uja, n'kukalowa m'mwamba mwa ukonde. Woyimbira anaukana. Ndinalumpha, ndikuti lero tafanana. Bambo wina pambali panga anandifotokozera kuti pa shoti kona, kumenya koyamba kuyenera kulowa motsika, kosapitirira thabwa lija, lomwe ndi masentimita 46, pokhapokha ngati waukokera ndi ndodo n'kuuponya osaumenya. Ndinafunsa ngati Chisomo nayenso avule malaya. Sanandiyankhe.

Tinagonja 4 kwa 0, ngakhale m'mabuku anga ndi 4 kwa 1. M'kombi pobwerera Chisomo anandikumbutsa kuti mendulo yoyamba ya golide ya dziko lino pa Olimpiki inabwera ndi amayi a hoke ku Moscow mu 1980, ndiye ndisamanyoze. Ine sindinanyoze, ndinangoti D ija aikulitseko. Ndodo imene ndinaponya ija inakatera pa galimoto la munthu, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi mwini galimotoyo, tikukambirana.