Zomwe ndaphunzira pa tchati cha Gantt: si kuchedwa konse komwe kumaopsa

Pa kosi ya kayendetsedwe ka ntchito tafika pa tchati cha Gantt, chomwe chinatenga dzina la Henry Gantt, injiniya wa ku Amerika. Kumanzere kumakhala mndandanda wa ntchito, pamwamba masiku, ndipo ntchito iliyonse imajambulidwa ngati ndodo yogona kuchokera tsiku loyamba kufika lomaliza. Kujambula kwake n'kosavuta. Luso lagona pa kuwerenga.

Chitsanzo chomwe ndayeserera ndi cha nyumba. Makoma atha pa 14 Juni. Denga liyamba pa 15 mpaka 21, masiku 7. Wamagetsi aika mapaipi ake m'makoma kuyambira pa 15 mpaka 17. Pulasitala ayamba pa 22, koma mivi iwiri ikumuloza, wina kuchokera ku denga, wina ku magetsi, kutanthauza kuti sangayambe zonsezi zisanathe.

Ndodo ya denga ndi ya magetsi zagona masiku amodzimodzi, ndipo palibe vuto chifukwa amisiri ake ndi osiyana. Koma pansi pake pali ndodo ya mafelemu a zitseko, 16 mpaka 19, ndipo dzina lolembedwa pambali pake ndi la kalipentala yemwe uja ali padenga. Apa ndiye pali kuwombana. Tchati sichikuuzani chokha, muyenera kuwerenga mayina.

Mpata umapezeka potsata muvi. Wamagetsi amaliza pa 17, koma pulasitala sakufuna ntchito yake mpaka pa 22, choncho atha kumaliza ngakhale pa 21 osasokoneza munthu. Ali ndi masiku 4 apadera. Denga lilibe ngakhale limodzi: likatsetsereka tsiku, pulasitala nayenso watsetsereka.

Tsopano tijambule mzere woimirira pa tsiku la lero, tinene madzulo a pa 19. Denga ladya masiku 5 mwa 7, ndiye gawo lodetsedwa la ndodo yake, losonyeza ntchito yomwe yagwiridwa kale, liyenera kufika pamzerewo, pafupifupi 70 peresenti. Ngati lathera pa 40 peresenti, ntchito yagwiridwa ya masiku osakwana 3, ndipo tatsalira ndi masiku awiri. Wamagetsi nayenso anabwera mochedwa ndi masiku awiri, wamaliza lero. Papepala onse achedwa mofanana. Koma wamagetsi wangodya theka la mpata wake, pomwe denga lakankhira pulasitala ku 24 Juni. Munthu wothandiza akapezeka, apite kudenga, ndipo mafelemu aja ayambe adikira.

Chomwe sindichikhulupirira kwenikweni ndi maperesentiwo, poti amachokera pakamwa pa kapitawo. "Tatsala pang'ono, bwana" amatha kukhala 90 peresenti sabata yathunthu. Ine ndingakonde kufunsa kuti malata okhomedwa ndi angati mwa angati, kenako n'kudetsa ndodo molingana ndi yankholo.