Tchaja ya makilowati 11 yomwe inkapereka 3.7

Lolemba m'mawa manijala wa kampani ina yoperekera katundu anaimba foni kuti tchaja imodzi pa zitatu zomwe tinawaikira yafa. Veni yamagetsi yomwe angogula kumene, ati, ikugona pa tchaja usiku wonse koma kukucha isanadzaze. Pa bokosi la tchajayo panalembedwa 11 kW, pomwe pa sikirini ya veniyo pamaoneka 3.7 kW basi.

Ndisanamasule chilichonse ndinapempha kuti abweretse galimoto ina mwa zakale zija tiilumikize pa tchaja yomweyo. Inayamba kukoka makilowati pafupifupi 11 nthawi yomweyo. Tinabwezeretsapo veni ija, ine n'kutsegula bokosi la mabuleka ndi kupanitsa mita yanga pa waya uliwonse wa mafezi atatu, omwe ndi mawaya atatu obweretsa magetsi ku tchajayo. Pa waya woyamba panali maampu 16, pa awiri enawo panalibe kanthu.

"Bwana, tchaja yanu ili bwinobwino," ndinatero. "Yomwe ikuchedwetsa ili m'kati mwa veniyi."

Anandiyang'ana modabwa, ndipo sindinawaone cholakwa, chifukwa ogulitsa magalimoto ambiri sanena zimenezi. Magetsi obwera pa mawaya a m'nyumba amasinthasintha kolowera, ndi amene pa makina amalembedwa AC. Batire limasunga magetsi oyenda mbali imodzi yokha, olembedwa DC. Ndiye penapake payenera kukhala chipangizo chotembenuza AC kukhala DC. Mukamatchaja kunyumba kapena pa bokosi lapakhoma ngati lawoli, chotembenuzacho chili m'galimoto momwemo. Bokosi lapakhomalo ntchito yake ndi kuuza galimoto maampu omwe ikuloledwa kukoka, kuona ngati chingwe chalowa bwino, kenako n'kutsegula magetsi. Silitembenuza kanthu. Tchaja yeniyeni mumayenda nayo.

Magalimoto awo akale ali ndi chotembenuza cha mafezi atatu. Bokosi limapereka maampu 16 pa fezi iliyonse, pa mavoliti 230, ndipo zitatuzo zikaphatikizana zimakwana makilowati 11. Veni yatsopanoyi chotembenuza chake ndi cha fezi imodzi. Chimatha kukoka maampu 32 n'kufika makilowati 7.4, koma pa waya umodzi wokha. Bokosi likachiuza kuti malire ndi maampu 16, chimamvera, n'kusiya mafezi awiri enawo ali chikhalire. Maampu 16 kuchulukitsa ndi mavoliti 230 ndi 3.7 yomwe ankaona ija. Batire la veniyi ndi la mayunitsi 60. Kulichotsa pa 20 peresenti kufika pa 80 pamafunika mayunitsi 36, omwe pa makilowati 3.7 amatenga maola pafupifupi 10, pomwe pa 7.4 akanatenga 5. Tsiku lomwe veni yabwera batire litatsala pang'ono kutheratu, usiku umodzi sukwana.

Lachiwiri tinagwira ntchito yokonza. Mabokosi awowo anapangidwa kuti azitha kupereka maampu 32 pa fezi, kungoti anatsitsidwa kukhala 16 potengera mawaya ndi magalimoto a nthawi imeneyo. Ndiye ine ndi mnyamata yemwe ndikumuphunzitsa ntchito tinakoka waya wokhuthala wa mamilimita 6 m'malo mwa wa 2.5, tinasintha buleka, kenako n'kukweza malire a bokosi limodzi. Kukweza malire osasintha waya ndi kuitana moto, ndipo ndimakana ngakhale mwini wake andinyengerere chotani.

Titalumikiza veni, sikirini inaonetsa 4.6 kW. Mnyamata uja anafuna kuti titsegulenso bokosi, koma ndinamuuza awerenge kaye zolembedwa pa chingwe chomwe veniyo inabwera nacho. Panalembedwa 20 A. M'pulagi ya chingwe chilichonse chotere muli kachipangizo kakang'ono kouza bokosi ndi galimoto maampu omwe chingwecho chingapirire, ndipo makinawo amatenga nambala yotsikitsitsa pakati pa bokosi, chingwe ndi galimoto. Maampu 20 pa mavoliti 230 ndi 4.6 ndendende. Titabwereka chingwe cha maampu 32, nambala inakwera kupitirira 7. Ndimakonda kuti wophunzira aone zimenezi ndi maso ake, chifukwa nambala ya pa sikirini imaulula yokha pomwe pathina: 3.7 ndi fezi imodzi pa maampu 16, 4.6 ndi chingwe cha maampu 20.

Lachitatu ndinali pakhomo pa mayi wina yemwe amatchaja pa soketi wamba ya m'garaja ndi kachingwe kokhala ndi kabokosi pakati, komwe kamabwera ndi galimoto. Anamva fungo la pulasitiki wopserera. Nditachotsa pulagi, kuzungulira bowo limodzi la soketi kunali kutada, ndipo kumbuyo kwake sikuluwu yogwira waya inali yolefuka.

Kutchaja kotereku n'kochedwa kuposa kwina konse. Kachingweko kamakoka maampu 10, omwe ndi makilowati 2.3, moti mayunitsi 36 aja angatenge maola pafupifupi 16, mwinanso kuposerapo, popeza makompyuta a galimoto amakhala ali maso nthawi yonseyi n'kumadyako gawo la magetsiwo. Anthu amaona ngati maampu 10 ndi ochepa, pakuti ayironi nayo imakoka pafupifupi omwewo. Koma ayironi imayaka n'kumazima, ndipo ntchito yake imatha msanga. Galimoto imakoka osapumira mpaka kucha. Polumikizira paliponse polefuka pamatentha pang'onopang'ono, kutenthako n'kumasula zitsulo, zitsulo zomasukazo n'kuonjezera kutentha.

"Ndiye ndigule bokosi lapakhoma lija, achimwene?" anafunsa mayiwo.

Ndinawafunsa mtunda womwe amayenda pa tsiku. Anati sapitirira makilomita 40. Galimoto yaing'ono ngati yawoyo imadya mayunitsi apakati pa 15 ndi 20 pa makilomita 100, kutanthauza kuti iwo amafunika 6 mpaka 8 usiku uliwonse, maola atatu kapena anayi pa soketi. Ndinawauza kuti liwiro si vuto lawo ayi. Chomwe ankasowa ndi soketi yolimba ya galimoto yokha, yokhala ndi waya wakewake kuchokera ku mabuleka, buleka yodula magetsi akangodontha, komanso waya wa pansi woyezedwa bwino. Ndi zomwe ndinawaikira. Ndinawapemphanso kuti asadzalumikizepo chingwe choonjezera, ndi kuti masiku oyambirira azikhudza pulagi pakatha ola limodzi. Yofunda pang'ono ilibe vuto, koma yoti dzanja likulephera kukhalitsapo ndiye kuti azimitse.

Lachinayi linathera pa siteshoni ya matchaja othamanga, komwe timapita kukayendera makina. Kumeneku nkhani imatembenuka. Chotembenuza chimachoka m'galimoto n'kukakhala m'kabati yaikulu yoima pansi, yokhala ndi mafani ake, ndipo DC imapita ku batire mwachindunji osadzera m'chotembenuza cha galimoto chija. N'chifukwa chake pulagi yake, monga ya CCS, ili ndi mano awiri akuluakulu m'munsi. N'chifukwa chakenso veni ya makilowati 7.4 ija ikhoza kulandira 50 kapena kuposa pamakina otere. Chotembenuza chachikulu chonchi sichingakwane m'galimoto, kulemera kwake ndi kutentha kwake sikungalole.

Ndikutsuka masefa a mpweya, bambo wina anandikodola mokwiya. Makina analembedwa 150 kW koma iwo akulandira 38. Ndinasuzumira pa sikirini yawo: batire linali pa 81 peresenti.

Pa DC wolamula ndi batire. Kakompyuta koyang'anira batire kamayeza mavoliti ndi kutentha kwa maselo, tizigawo ta m'kati mwa batire, n'kumauza makina maampu omwe kakufuna mphindi iliyonse. Batire likakhala lopanda kanthu limalandira mwachangu, likamadzaza kamachepetsa. Zili ngati nthaka youma yomwe imamwa madzi msanga, koma ikakhuta madzi amangoyenderera pamwamba. M'selo namonso, mukakakamiza maampu ambiri batire litatsala pang'ono kudzaza, lifiyamu, yemwe amanyamula magetsi m'selomo, amalephera kulowa m'malo mwake n'kumata pamwamba ngati chitsulo, ndipo seloyo imaonongeka osabwereranso. Batire lozizira kwambiri limachitanso chimodzimodzi, moti galimoto yogona panja kozizira ikhoza kuyamba mochedwa ngakhale ili pa 20 peresenti. Ndinawauza bambowo kuti kuchoka pa 80 kufika pa 100 kukhoza kuwatengera nthawi yofanana ndi yomwe atengera kuchoka pa 20 kufika pa 80, ndiye ngati mtunda wotsala ukukwanira, ndi bwino anyamuke. Pa AC kutsika kotereku sikuoneka kwenikweni mpaka chakumapeto, chifukwa makilowati 7 kapena 11 ndi ochepa kwa batire lalikulu.

Sikuti nthawi zonse makina amakhala osalakwa. Kabati yoyandikana nayo inalidi ndi vuto. Masefa ake anali atatsekeka ndi fumbi, ndipo mbiri yomwe imasunga yokha inkaonetsa kuti ikatentha imadzitsitsa mphamvu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta ngati makina akuonetsa maampu omwe galimoto yapempha ndi omwe aperekedwa. Ziwirizi zikafanana, wochepetsa ndi batire. Galimoto ikamapempha 250 n'kumapatsidwa 120, cholakwa chili m'kabati, kapena mphamvu yagawidwa ndi galimoto ina yomwe yalumikizidwa pa chingwe chachiwiri.

Lachisanu manijala uja anaimbanso, atasangalala ndi veni yake, ndipo anafunsa ngati si kwabwino kungogula makina a DC a makilowati 50 kuti nkhani yochedwa itheretu. Ndinawawerengera. Makina amenewo amakoka maampu pafupifupi 80 pa fezi iliyonse, pomwe waya wolowa pamalo awo onse umapirira 100, ndipo nyumbayo ili ndi katundu wake kale. Ayenera kukulitsa waya wolowawo, mwinanso tiransifoma, kuti mayunitsi 36 aja alowe m'mphindi 45 kapena 50, pamene magalimoto awo amakhala chiimire kuyambira madzulo mpaka m'mawa. DC ndi ya galimoto yomwe dalaivala akuidikirira, kapena yogwira mashifiti awiri. Zawozo zimakwanira pa AC. Chomwe ndinawalembera kuti tidzachite ndi kusinthanitsa mawaya a mafezi pa mabokosi atatuwo, kuti fezi yoyamba ya bokosi lililonse ichokere pa waya wosiyana. Popanda kutero, akadzagula maveni ena awiri a fezi imodzi n'kukweza malire a mabokosi enawo, onse atatu akanakoka maampu 32 pa waya umodzi womwewo, 96 pamodzi, ndipo buleka yaikulu ikanagwa pakati pa usiku mafezi awiri enawo alibe katundu.