Tatsegula ofesi yathu ku Chipata: mafunso oyesa antchito atsopano pa zachitetezo

Mwezi uno tasamuka pa tebulo la pakhonde, tsopano tili ndi ofesi yathuyathu m'tauni muno. Ntchito yathu ndi kulemba mafunso amene munthu amayankha asanaloledwe kuyandikira makina, kaya m'fakitale yochotsa njere za thonje, poyenga mafuta a mpendadzuwa, kapena m'migodi ing'onoing'ono ya miyala yamtengo wapatali ya ku Lundazi.

Ine ndinakhala kapitawo m'fakitale ya thonje zaka zambiri. Thonje likayamba kugulidwa cha mu Meyi ndi Juni, aganyu amabwera ochuluka, ena sanaonepo makina akulu chibadwire. Ankawapatsa pepala la Chingelezi lofunsa kuti, kodi kuvala chipewa cholimba n'kofunika, inde kapena ayi? Ndani angati ayi? Onse ankakhoza, koma zala zinkadukabe.

Funso lathu timalimanga pa chinthu chimene chimachitikadi. Nali limodzi. Kwatsala mphindi 20 kuti muweruke, thonje latsekereza makina, ndipo kapitawo akufunsa chifukwa chake mabelo sakutuluka. Muchita chiyani? Yankho loyamba: kudina batani loimitsa n'kuzula thonjelo ndi dzanja. Lachiwiri: kulitokosa ndi ndodo makina akuyenda. Lachitatu: kuuza mnzanu aime pa swichi kuti wina asayatse. Lachinayi: kuzimitsa pa swichi yaikulu, kukhomapo loko yanu ndi kapepala ka dzina lanu, kudikira kuti zonse ziime, n'kuyesa kuliza makinawo musanalowetse dzanja.

Lolondola ndi lachinayi, koma luso lagona pa atatu olakwawo. Onse ndinawaona ndi maso anga. Ambiri amasankha lachitatu chifukwa limamveka lanzeru, komatu mnzanu akhoza kuitanidwa kwina, wa shifiti yausiku n'kufika n'kuyatsa osadziwa kuti muli munthu. Loyambalo limanyenga chifukwa batani silichotsa magetsi pamakina, komanso macheka a m'kati amazungulirabe kwakanthawi mota itazima. Munthu akasankha limodzi la awa, tadziwa chizolowezi chimene wabwera nacho, ndipo timam'tengera pamakina pomwepo kukamuonetsa. Papepala lenileni timafupikitsa yankho lolondola kuti lifanane kutalika ndi anzake, apo ayi ochenjera amangosankha lalitali.

Kumigodi funso limasintha. Pampu yapetulo yakhala ikulira pansi pa dzenje, mnzanu wakomoka komweko, mutani? Mtima umati tsikani msanga. Koma mpweya wakupha wa mu utsi wa injini ulibe fungo kapena mtundu, ndipo wotsika kukapulumutsa amagwa pomwepo. Choyamba n'kuitana anthu, kuzimitsa pampu muli pamwamba ngati n'kotheka, ndi kulowetsa mphepo yabwino m'dzenjemo.

Pepala lathu limakhala ndi mafunso 20, ndipo wokhoza apeze 16. Koma asanu mwa iwo timawatcha mafunso a moyo: walakwa limodzi, ubwerezanso maphunziro ngakhale ena onse wakhoza. Amene savutika kuwerenga amalemba okha, enawo timawawerengera m'Chinyanja ndi kuwaonetsa zithunzi za makina a pamalo pawo pomwepo.

Chaka chachiwiri tinatsala pang'ono kutseka. Kampani ina inatiitana, tinayendera fakitale yonse, tinalemba mafunso, iwo n'kuti tiyambe taona. Anachulukitsa mapepalawo pamakina awo, ndalama osatipatsa mpaka lero. Nditapita kukafuna ngongole yogulira kompyuta, obwereketsa ndalama anandiuza kuti mafunso si chikole. Abwana aja, ngati mukuwerenga, ofesi ili pansanjika yoyamba, mudzationeko.

Ndikuthokoza akazi anga, amene anagulitsa matumba a mtedza kuti tigule pulinta yoyamba, ndipo sananditonzepo nazo. Ndikuthokoza amalume amene anatibwereka njinga yamoto yopitira ku Katete ndi ku Petauke, ndi mdala wina wokonza magetsi amene amawerenga funso lililonse la magetsi tisanalisindikize, osalandira kanthu koma tiyi. Zikomonso kwa amayi osesa m'mafakitale, pakuti ndi inu mumatiuza kumene fumbi la thonje limaunjikana pafupi ndi mota, zimene mabuku a mu ofesi sanena.

Eni mafakitale ndi migodi, nyengo ya thonje isanayambe tiitaneni. Timayamba tayenda pamalo panu ndi kucheza ndi a shifiti zonse, ndipo timakupatsani mapepala awiri osiyana kuti a m'mawa asauze a masana mayankho. Zotsatira za munthu aliyense timazilemba ndi tsiku lake, amasainira, mumasunga m'faelo yoti muonetse oyendera mafakitale akabwera. Mukagula makina atsopano chaka chisanathe, mafunso ake timawonjezera ulere.