Mawu oti "ochezeka" sanakonze chiganizo ngakhale chimodzi

Pa kosi ya zotsatsa malonda yomwe ndikuchita, mphunzitsi anatipatsa zolemba 24 za kampani ina yotumiza katundu: maimelo, mauthenga a pafoni ndi mayankho a madandaulo. Ntchito inali yolemba tsamba limodzi lofotokoza kalankhulidwe ka kampaniyo, kuti aliyense wodzakonza zolemba zake mtsogolo asamazimveketse ngati zachokera kwina.

Ine ndinawerenga mothamanga n'kulemba mawu atatu: ochezeka, aulemu, odalirika. Mphunzitsi sanatsutse. Anangopereka tsamba langalo kwa anzanga awiri, n'kuwauza kuti aliyense alembe uthenga wodziwitsa kasitomala kuti katundu wake wachedwa. Woyamba analemba kuti, "Pepani kwambiri bwana, tagwira mwendo wanu!" Wachiwiri anati, "Tikukudziwitsani kuti katundu wachedwa pa zifukwa zomwe kampani sikanatha kuzipewa." Onse ankati atsatira tsamba langa, ndipo ndinasowa powagwira. Ulemu unalimo monse, koma anthu ake anali awiri osiyana.

Ndinayambiranso, ulendo uno ndi pensulo. Choyamba ndinachotsa zolemba zinayi za malamulo a mgwirizano, chifukwa zimenezo amalemba ndi maloya ndipo zikanasokoneza chithunzi. Zina zisanu ndinaziika pambali osaziwerenganso, zoti ndidzayesere pomaliza. Zinatsala 15, zomwe ndinazigawa milu itatu: nkhani yabwino, nkhani yoipa, ndi malangizo wamba.

Kenaka ndinayamba kuwerengetsa zinthu zooneka ndi maso. Kasitomala amamutchula bwanji? M'zolemba zonse 15 anali "inu", popanda "bwana" kapena "okondedwa makasitomala athu". Nanga kampani imadzitchula bwanji? M'zolemba 13 inkati "tatumiza", "talakwitsa", osati "kampani yatumiza". Chizindikiro cha mfuu chinapezeka kanayi, konseko pa mulu wa nkhani yabwino. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri chinali pa mulu wa nkhani yoipa. Mawu oti "pepani" ankabwera kamodzi kokha mu uthenga uliwonse, ndipo chiganizo chotsatira chinkatchula tsiku lenileni lomwe katundu afike. Chomwe ndinkachitcha "kudalirika" chija chinali chimenechi: kupepesa kamodzi, kenaka tsiku.

Zomwe ndinapezazi ndinazisandutsa malamulo a kalembedwe pa tsamba latsopano. Lamulo lililonse ndinaliphatikiza ndi ziganizo ziwiri, china chotengedwa m'zolemba zenizenizo, china cholakwika. Mwachitsanzo, timalemba kuti "Pepani, katundu wanu wachedwa. Afika Lachinayi," osati "Tikupepesa kwambiri chifukwa cha vuto lililonse lomwe izi zingabweretse." Wokonza zolemba akakhala pa changu sawerenga zofotokozera, maso ake amathamangira pa chitsanzo.

Pali pena pomwe kuwerengetsa sikunandipatse yankho. Chinthu chimodzimodzi zolemba zisanu ndi zitatu zinkachitcha "katundu", zisanu ndi ziwiri "oda". Ndinafuna kutenga chochuluka n'kuchilemba ngati lamulo, koma mphunzitsi anandiletsa. Anati chomwe chapezeka m'zolemba 12 kapena kuposa mwa 15 ndi chizolowezi cha kampani, pomwe chogawanika pakati ndi funso loti eni ake ayankhe. Ukasankha wekha mwakachetechete, ndiye kuti ukulemba zokonda zako m'dzina lawo. Choncho pansi pa tsamba ndinasiya kagawo ka "zoti tigwirizane".

Tinawerenganso za miyeso inayi yomwe a Nielsen Norman Group, kampani yofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, anafalitsa mu 2016, yoyezera ngati zolemba zili zanthabwala kapena ayi, zomangika kapena zomasuka, zaulemu kapena zachibwana, zotengeka mtima kapena zongonena zilipo. Miyesoyi inandithandiza kuona kuti mulu wa nkhani yabwino ndi wa nkhani yoipa imasiyana pa kutengeka mtima kokha, zina zonse n'zofanana. Koma payokha ili ngati mawu anga atatu aja, siimuuza munthu chiganizo choti alembe.

Ndiye ndinatulutsa zolemba zisanu zobisa zija n'kuziyeza ndi tsamba latsopano. Malamulo asanu mwa asanu ndi limodzi anagwira. Lomwe linagwa ndi loti chiganizo chisapitirire mawu 15. Imelo yofotokoza momwe munthu angabwezere katundu wowonongeka inali ndi ziganizo zazitali, ndipo nditayesa kuzidula zinamveka ngati munthu wokalipa. Ndinalisintha kuti likhudze chiganizo choyamba chokha, chomwe chimanyamula nkhani.

Anzanga awiri aja anayesanso. Onse anayamba ndi "Pepani", onse anatchula tsiku, ndipo "bwana" anasowa. Anasiyana pamapeto pokha, wina anasaina dzina lake, wina dzina la kampani. Nditabwerera ku milu yanga ndinapeza kuti masainidwe sindinawayang'ane n'komwe, ndiye ndawaika pa mzere wachisanu ndi chiwiri.