Mawu amodzi amene ananditayitsa tsiku pa sipuredishiti ya zakudya

Tsopano sipuredishiti yanga ikuwonkhetsa bwino mapuloteni, makabohaidireti ndi mafuta a chakudya chilichonse chimene ndikufuna kuphika, koma tsiku lathunthu linapita pachabe chifukwa cha mawu amodzi amene ndinawasiya mu fomula, ndipo mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Ndinakonza masamba awiri. Tsamba loyamba, limene ndinalitcha Zakudya, lili ndi dzina la chakudya mu A, kenako mapuloteni mu B, makabohaidireti mu C ndi mafuta mu D, zonse pa magalamu 100. Pa tsamba lachiwiri ndimalemba dzina mu A ndi magalamu amene ndayeza mu B, ndipo mapuloteni amabwera ndi fomula iyi:

```
=$B2/100*VLOOKUP($A2,Zakudya!$A:$D,2,FALSE)
```

Pofuna makabohaidireti, 2 uja amakhala 3, pofuna mafuta amakhala 4, ndipo pansi pake SUM amawonkhetsa zonse.

Mawu amene ndinasiya ndi FALSE. Popanda iwo, VLOOKUP safunafuna dzina lenilenilo, koma amaganiza kuti mayina ali mu ndondomeko ya afabeti n'kutenga mzere umene akuuona ngati wayandikira, ndipo choipitsitsa n'chakuti sadandaula n'komwe. Manambala ankatuluka ooneka bwino, ine n'kumawakhulupirira. Ndinadzidzimuka nditaona kuti mafuta ophikira akuonetsa mapuloteni, pamene mafutawo alibe mapuloteni ngakhale pang'ono. Ndinayamba kulembanso tebulo lonse poganiza kuti ndinakopera molakwika, dzuwa mpaka kulowa, chonsecho tebulolo linalibe vuto.

Ndisanaiwale, lembani pa dzina ngati chakudyacho n'chosaphika kapena chophika. Mpunga woyera wosaphika uli ndi makabohaidireti pafupifupi magalamu 80 pa 100, pamene wophika, chifukwa wamwa madzi, uli ndi pafupifupi 28. Ine ndinayeza magalamu 200 a wosaphika koma tebulo linali ndi wophika, choncho ndinapeza 56 m'malo mwa 160. Izi zinachitika tsiku la FALSE lija lisanafike, ndipo zinandiphunzitsanso kuyeza chilichonse pa sikelo m'malo molemba masipuni, popeza fomulayi imadziwa magalamu okha.

Nditaika FALSE, tibokosi tingapo tinadzaza #N/A, ndipo ndinakwiyanso. Koma chizindikirochi n'chothandiza, chifukwa chimaulula kuti dzinalo silinapezeke. Kwa ine chinayambitsa ndi kampata kosaoneka kumapeto kwa dzina, ndipo kulemba TRIM($A2) m'malo mwa $A2 kunathetsa vutolo, ngakhale kuti timipata ta pa tsamba la Zakudya ndinachita kuchotsa pamanja. Musabise #N/A ndi IFERROR kuti azionetsa 0, chifukwa chakudya chosapezekacho chidzangosowa pa chiwonkhetso inu osadziwa. Ndikubwerezanso kuti musanakokere fomulayo m'mizere yapansi, onani kaye ngati FALSE alipo, kenako lembani magalamu 100 a mafuta ophikira ndipo muone ngati mapuloteni akutuluka 0.