Bokosi lofufuzira lija tsopano laphunzira kuiwala

Anzanga, kapulogalamu ka mitengo ya nsomba kaja kayamba kumvera. Ndikunena kamene ogula ndi ogulitsa ochepa a ku Makawa, Malindi ndi Monkey Bay amaonerapo mtengo wa chidebe asanakwere galimoto. Munthu akalemba chilembo chimodzi kapena ziwiri, mawu asanu amatulukira mmunsi kuti angodina. Chimene chinandisowetsa tulo sikupeza mawuwo ayi, koma kusankha amene akhale pamwamba.

Mbali yopeza mawu ndi yaifupi, ndipo sindinayikhudzenso chiyikireni. Mawu onse amene anthu anafufuzapo ali mu mndandanda wosanjidwa mwa alifabeti, choncho onse oyamba ndi zilembo zofanana amakhala moyandikana. Ndimangofunika kudziwa pamene gulu lawo likuyambira ndi pamene likuthera. M'mizere ili mmunsiyi, `p` ndi zilembo zimene munthu walemba, ndipo `malikisi` ndi amene amasankha mawu asanu apamwamba.

```python
a = bisect_left(mawu, p)
b = bisect_left(mawu, p + "\uffff")
return nlargest(5, mawu[a:b], key=malikisi.get)
```

Ndikudziwa kuti ena muti ndikanamanga `trie`, kasanjidwe ka mawu kokhala ngati nthambi zogawanika pa chilembo chilichonse. Mawu anga ndi ochepa, ndipo `bisect` amadula mndandanda pakati mobwerezabwereza, moti ngakhale mawu atakhala 1,000,000 amafika pamalopo ataponda masitepe pafupifupi 20 okha. Raspberry Pi yanga yakale, kompyuta yaing'ono imene ikuyendetsa kapulogalamuka, sidandaula n'komwe.

Tsono nkhani ili pa malikisi. Poyamba mawu aliwonse ankangolandira 1 akafufuzidwa, basi. Zimenezi zimakomera zakale, pakuti chimene chinatchuka nyengo yatha chimakakamira pamwamba ngakhale nsombayo itasowa padoko. Mankhwala odziwika ndi oti malikisi azitsika ndi theka pakapita nthawi yoikika. Ine ndinasankha masiku 7, chifukwa malonda a nsomba kuno amasintha msanga. Mwera ukawomba kapena mwezi ukawala kwambiri, a usipa sapha zambiri, ndipo zimene anthu akufunsa zimasinthanso. Mzere wake unali uwu, ndipo unkayenda munthu akafufuza mawu `w`:

```python
malikisi[w] = malikisi[w] * 0.5 ** (masiku / 7) + 1
```

Pamenepa `masiku` ndi amene apita chifufuzireni mawuwo komaliza. Masamu ake ndi olondola ndithu, koma bokosi linayamba kuchita zachilendo. Ukalemba `u`, pamwamba pankabwera "usipa wofutsa makawa", mawu amene panalibe anawafufuza kwa milungu yambiri, pomwe "utaka wouma", umene anthu ankausaka sabata imeneyo, unali mmunsi. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti nditadina usipa uja kamodzi kokha poyesa, unagwa n'kuchokeratu pa mawu asanu aja. Kufufuza chinthu kukuchigwetsa m'malo mochikweza! Ndinakayikira wotchi ya Pi, poti magetsi akazima ilibe batire yosungira nthawi ndipo imadalira netiweki kuti ikonze. Ndinakayikiranso kuti foni ikuonetsa zimene inasunga kale. Zonsezo zinali bwinobwino.

Ndinadzachiona nditalemba manambala papepala. Tinene kuti usipa uja unafika malikisi 128, kenako anthu n'kuusiya kwa masiku 56. Amenewo ndi magawo 8 a masiku 7, ndiye 128 ayenera kugawidwa ndi 256, n'kutsala 0.5. Koma mzere uja umayenda pokhapokha wina akafufuza, choncho mu detabesi munkakhalabe 128 yemweyo. Utaka unali ndi 20 wa lero. Posanja, 128 ankapambana 20, chonsecho woyambayo ndi nambala ya miyezi iwiri yapitayo. Zili ngati kuyerekeza mtengo wa chambo wa chaka chino ndi wa zaka khumi zapitazo, n'kumati kwacha ndi imodzimodzi. Nditadina, mzere unayenda, 128 anasanduka 0.5, kuwonjezera 1 n'kukhala 1.5, usipa n'kugwa. Ndiye mukaona mawu osafufuzidwa akukakamira pamwamba, koma mukawakhudza akugwa, dziwani kuti mukuyerekeza malikisi a masiku osiyana.

Njira yoonekeratu ndi kutsitsa malikisi a mawu onse usiku uliwonse, kapena kuwawerengera pa nthawi yosanja. Yoyambayo sindinayikonde chifukwa usiku wina Pi imakhala yozima, komanso kulemba detabesi yonse tsiku ndi tsiku kumatopetsa memore khadi. Yachiwiriyo imagwira, kungoti umabwereza masamu pa chilembo chilichonse chimene munthu walemba. Imene yandisangalatsa ndi yotembenuza nkhani yonse. M'malo motsitsa zakale, kweza mtengo wa zatsopano.

```python
malikisi[w] += 2 ** (tsiku / 7)
```

Apa `tsiku` ndi masiku amene apita kuchokera pa tsiku limodzi loyambira, lofanana kwa mawu onse. Kufufuza kwa tsiku 0 kumapereka 1, kwa tsiku 7 kumapereka 2, kwa tsiku 56 kumapereka 256. Tibwerere kwa awiri aja. Usipa uli ndi 128 wa pa tsiku 0. Utaka wafufuzidwa ka 20 pa tsiku 56, ndiye 20 kuchulukitsa ndi 256 ndi 5,120. Utaka wakwera popanda kukhudza usipa. Mukafuna nambala yomveka, gawani onse ndi 256, mupeza 20 ndi 0.5, ndendende zimene tinkafuna zija. Chinsinsi chake n'chakuti onse amagawidwa ndi nambala imodzi, ndipo kugawa koteroko sikusintha amene ali patsogolo.

Malire alipo, musawaiwale. Nambala ya `float` imathera pafupi ndi `2 ** 1024`, ndipo kupitirira apo Python imaponya `OverflowError`. Ndi masiku 7, imeneyo ndi milungu 1,024, zaka zoposa 19, choncho ine sindikuda nkhawa. Koma amene angasankhe kuti theka lizichoka pa ola lililonse, adzagunda khomalo pasanathe masiku 43, ndipo ayenera kumasuntha tsiku loyambira n'kugawa malikisi onse. Chinanso, mukadzasintha 7 uja kukhala 14, malikisi akale sagwiranso ntchito. Sungani buku la zofufuzidwa lokhala ndi madeti kuti mudzawerengerenso kuyambira pachiyambi.

  

Chimene chikundidetsabe nkhawa n'chakuti zapamwamba zimadzidyetsa zokha. Munthu amadina chimene waona, kudinako kumawonjezera malikisi, mawa chikhalanso pamwamba. Panopa kudina ndikukupatsa theka la malikisi a munthu amene walemba yekha mawu onse, ndipo foni imodzi imawerengedwa kamodzi patsiku pa mawu amodzi. Ndaikanso lamulo loti mawu asatulukire kwa ena mpaka atafufuzidwa ndi mafoni atatu osiyana, chifukwa pali ena amalemba nambala za foni m'bokosimo, ndipo sindingalole kuti nambala ya munthu izionekera kwa aliyense.

Chotsatira ndikufuna malikisi a doko lililonse payekhapayekha, kuti wa ku Makanjira asamaone zofanana ndi wa ku Malombe, amene mwina akusaka kambuzi. Ndikalakalakanso kuti wolemba `chanbo` azipezabe chambo, komanso mayina a nsomba a m'Chiyao alowemo. Mwina pamenepo `trie` ija idzafunika, yosunga mawu asanu pa mfundo iliyonse, poti tsopano malikisi amangokwera ndipo kukonza kungamachitike m'njira ya mawu amene afufuzidwawo basi. Alipo mwa inu amene anayesapo zimenezi pa Pi ya 1 GB?